Tizipewa Tachikasu

Ku kampani yodzaza gasi wophikira ankamutchula kuti Kafunsefunse, ndipo dzinalo silinali lomuyamikira ayi. Anali odita wa kampani yomweyo. Ntchito yake inali yoyenda chigawo ndi chigawo kuona ngati malamulo amene mabwana analemba akutsatidwa. Munthu wotere palibe amamuitanira tiyi. Akatulukira pakhomo, nkhani zimaduka pakati ngati ulusi wovunda.

Kumayambiriro kwa chaka anamutuma ku shedi yodzazira kuti akaone njira yatsopano yogwirira masilinda odontha. Manijala anamulandira atavala chisoti choyera ngati chochokera m'sitolo tsiku lomwelo. Kafunsefunse anasankha silinda imodzi pageti n'kuilondola mpaka pagalimoto. Anyamata anaidzaza, anaiika pasikelo, kenako anaimiza m'thanki yaikulu ya madzi. Ikadontha, madzi amaulula ndi thovu. Kapitawo anaima pambali kuyang'anitsitsa, ndipo ataona kuti madzi ali zii, anatsegula kabati yake ndi kiyi wa m'khosi, natulutsa kachipewa ka pulasitiki, n'kukamata pakamwa pa silindayo. Wodzaza sankaloledwa kukhudza tizipewato. Wapageti sankaloledwa kutulutsa silinda yopanda kachipewa. Kapitawo ankasaina pepala pa gulu lililonse limene lamizidwa. Mtundu wa tizipewa unkasintha pakapita miyezi, kuti silinda izidziwika nyengo imene inadzazidwa.

Njira inali yabwino, tisanamizane. Kafunsefunse anaizungulira uku ndi uku kufuna mpata, sanaupeze. Analemba kuti njirayi yakonzedwa bwino, ikatsatidwa silinda yodontha singadutse. Mawu oti "ikatsatidwa" anawalembadi. Koma kunyumba sanawanene.

Kunyumbako kunali amayi ake, mzimayi wa kasitolo ka kutsogolo kwa nyumba, wogulitsa sopo, machesi, makandulo ndi zina zotero. Pa malonda analibe chibale. Amatha kunenerera mtengo wa singano mpaka wogulitsayo kupepesa kuti anabadwa. Iwowa ndi amene ankalera mwana wa Kafunsefunse masana, kamtsikana kongoyamba kuthamanga.

"Iwe, gasi wanu uja," anamufunsa tsiku limenelo, "ndikayamba kugulitsa sindiwotcha anthu?"

"Amayi, ndaona ndi maso angawa. Silinda iliyonse amaimiza m'madzi."

"Iliyonse?"

"Iliyonse."

"Chabwino. Ukanama ndikubweza kumene unachokera."

Anayamba kugulitsa. Kafunsefunse anakauza abwana ake kuti amayi ake tsopano amaoda gasi kukampani, monga lamulo la ntchito yawo limafunira. Abwanawo, mkulu wa maodita, anthu ankawatchula kuti Bambo Zilibwino chifukwa cha mawu amene sankachoka pakamwa pawo. Anangogwedeza dzanja. Kasitolo kamodzi, zili bwino.

Ndipo mumsewu wonse munamveka mawu a mayi uja: "Tengani, musaope. Mwana wanga anayesa yekha. Si uja ndinamuphunzitsa ndi makandulo omwewa?"

Chaka chitatsala pang'ono kutha, Kafunsefunse anabwereranso kushedi. Ulendo uno funso linali lina. Poyamba paja ankafunsa ngati msampha unatcheredwa bwino. Tsopano ankafunsa ngati unakhala wotchera chaka chonse, kapena unafwamphuka kalekale anthu n'kumangoudumpha.

"Musavutike, achemwali," anatero Bambo Zilibwino akumutuma. "Njira ija munaiyamikira nokha. Manijala akupatsani faelo ya mapepala a Kapitawo, musankhemo angapo, muone ngati anasainidwa. Pofika mawa lipoti likhale pano. Mabwana a bodi akukumana, komanso aboma akufuna kuona lipoti lathu asanatipatsenso chilolezo."

Manijala anamuika m'kachipinda koyang'anana ndi shedi. Munali tebulo la mwendo umodzi waufupi, fani yosazungulira, ndi zenera la magalasi othimbirira. Faelo inali itamudikira kale patebulo, yonenepa, yomangidwa bwino. Pakhoma, mufelemu, panali mawu a lipoti lake la kumayambiriro kwa chaka, atawakulitsa: njirayi yakonzedwa bwino. Anathera pomwepo. Zotsatirazo anadula.

"Mwationa mmene timakunyadirani?" anatero Manijala. "Alendo onse amawerenga pamenepo."

Kafunsefunse anasankha mapepala. Loyamba losainidwa. Lachiwiri losainidwa. Onse amene anatola anali osainidwa, oyera, opanda ngakhale dontho la mafuta. Akanatha kutseka faelo n'kupita kukadya. Koma analuma cholembera, mtima ukumuuza kuti wachita zopusa. Ukalowa m'khola n'kuwerenga nkhuku zimene zilimo, zonse uzipeza zilimo. Yogwidwa ndi kabawi suionamo. Faelo imeneyi inali ya magulu amene anamizidwa. Gulu limene silinamizidwe likanalowamo bwanji?

Anadzuka kupita kushedi. Thanki inali yodzaza, madzi oyera mbee, anyamata akumiza masilinda mwaulemu ngati akusambitsa mwana wa bwana. Tizipewa ta nyengo imeneyo tinali tobiriwira. Zonse zinali m'malo mwake. Koma atawerama anaona kuti paipi yolowetsa madzi ndi yatsopano, simenti yozungulira pansi pake sinade n'komwe. M'kati mwa thanki, pansi pa madzi, munali mizere yakuda yozungulira, yofanana ndi imene matayala amasiya akaunjikidwa malo amodzi nthawi yaitali.

"Munasungamo matayala muno?" anafunsa mmodzi wa odzaza.

Mnyamatayo anayang'ana kumene kunali Manijala, nayang'ananso silinda yake. "Ine ndimangodzaza, madamu."

Kafunsefunse sanabwerere kukachipinda kaja. Anapita kugeti. Wapageti amalemba m'buku galimoto iliyonse yotuluka ndi katundu, chifukwa ikasowa silinda amadulidwa malipiro ndi iyeyo, ndiye pamenepo sachita ulesi. Kafunsefunse anasankha magalimoto kuchokera m'buku limenelo, mwezi uliwonse angapo, kuyambira kumayambiriro mpaka kumapeto, ena a pakati pa sabata, ena a Loweruka. Kenako anabwerera kwa Manijala.

"Pa galimoto iliyonse apa, ndipatseni pepala losonyeza kuti katundu wakeyo anamizidwa."

Nkhope ya Manijala inasintha pang'ono, ngati mkaka woyamba kusasa. "Faelo ija yakuchepererani?"

"Faelo ija ikundionetsa zimene zinachitika. Ine ndikufuna zimene zinatuluka."

A miyezi yoyamba anapezeka. A masabata omaliza anapezeka. A pakati, miyezi yotentha ija madzi ankavuta m'tauni, panalibe ngakhale limodzi.

"Anasokonekera posamutsa makabati," anatero Manijala. "Mapepala amasowa, mayi. Kusowa kwa pepala si kudontha kwa gasi."

"Zoona. N'chifukwa chake ndikufuna Kapitawo andiuze yekha."

Kapitawo anamupeza kuseri kwa shedi atakhala pa silinda yopanda kanthu, akudya. Anali bambo wachikulire, wa maso ofiira ndi tulo tosakwana. Kiyi uja anali m'khosi.

"Bambo, paipi ija inaphulika liti?"

"Kutangoyamba kutentha."

"Anakonza liti?"

"Atamva kuti mukubweranso." Anatafuna pang'onopang'ono. "Musandiyang'ane choncho, mayi. Ndinapempha paipi mpaka malovu kuuma. Ankati bajeti. Ndinati tiimitse kudzaza, anati anthu ali pamzere kunja, kampani ina itilanda makasitomala. Masabata oyamba tinkapaka thovu la sopo pakamwa pa silinda iliyonse. Kenako anatsitsa mtengo, magalimoto anachuluka, tinayamba kupaka imodzi n'kudumpha zingapo. Kenako tinkangonunkhiza. M'shedi yonunkha gasi kale, munganunkhize chiyani?"

"Nanga tizipewa?"

"Kabati ndinaisiya yotsegula. Ndikanaima pamenepo kudikira thanki youma? Koma kusaina ndinakana. Dzina langa sindiika pa madzi amene kulibe."

"Masiku ano mukamiza, zodontha zimapezeka?"

"Sabata siitha. Timphira ta pakamwa timatha, ndi mmene zilili. Timazibweza." Anapukuta m'manja pa ovolosi. "Za miyezi imene ija sitinabweze ngakhale imodzi. Inu mukuganiza kuti zinasiya kudontha chifukwa ife tinasiya kuyang'ana?"

Kafunsefunse anafunsa: "Tizipewa ta miyezi imeneyo tinali ta mtundu wanji?"

"Tachikasu."

Tachikasu. Anationa m'maso mwake nthawi yomweyo, titandandalika m'mbali mwa khoma m'chipinda cha kuseri kwa kasitolo. Mtengo utatsika, amayi ake anaoda masilinda ochuluka kuposa amene akanagulitsa, n'kuwasunga kudikira kuti ukwere. Anadzitama nazo sabata yathunthu. Chipindacho chinali ndi kazenera kamodzi m'mwamba, kokhomedwa ndi misomali kuopa akuba. Ndi momwe mwana ankagona masana, pamphasa, pansi. Gasi ndi wolemera, sakwera kudenga. Amayenda pansi ngati madzi n'kudikira. Ndipo amayi ake, chidwalire chimfine chachikulu zaka zapitazo, mphuno zinafa. Mkaka umapserera ali pomwepo osamva kanthu.

Anaimba foni. Inalira mpaka kuduka. Mayi uja foni ankaisiya m'chitini cha mabatani kuti isamusokoneze pa malonda. Anaimbira mayi woyandikana nawo nyumba, sinapezeke.

Akuthamangira kugeti, anakumana ndi galimoto ya Bambo Zilibwino ikulowa. Manijala anali atawaitana kale. Anamubweza kukachipinda kaja n'kumutsekereza pakhomo, awiriwo.

"Achemwali, khalani pansi kaye."

"Sindikhala, bwana."

"Mvetserani. Njira ilipo, ndi yabwino, munalemba nokha, siyo ili pakhomayo. Lero mwaona ikugwira ntchito. Tilembe kuti panali kofooka pang'ono pa kasungidwe ka mapepala, ndipo zakonzedwa. Zili bwino."

"Zimene zili pakhomazo ndinayankha funso lina, bwana. Ndinati ikatsatidwa. Lero mwandituma kuona ngati inatsatidwa, ndipo miyezi yonse yotentha sinatsatidwe. Si mapepala amene anasowa. Ndi madzi."

"Koma pano zakonzedwa," anatero Manijala.

"Paipi yatsopano ikumiza masilinda a lero. Aja anatuluka kale ikawamiza kuti? Ali m'makhitchini mwa anthu."

"Ambiri anatha kale, anabwerera opanda kanthu. Mwamva kuti kwapsa nyumba?"

"Sindinamve. Inu mukudikira kumva?"

Bambo Zilibwino anavula magalasi. Mawu awo anatsika, ndipo akatsika choncho ndiye kuti mpeni watuluka. "Mukalemba kuti njira sinagwire ntchito, chilolezo chiima. Anthu onse ali m'shedimu akhala pakhomo. Ndiye wina adzafunsa kuti kodi odita ameneyu si uja amayi ake amaoda gasi konkuno? Anakanganapo chiyani ndi Manijala pa mitengo? Ine ndikudziwa kuti munandiuza. Koma sindikumbuka kuti tinalemba."

Apa ndiye Kafunsefunse anazindikira kuti dzanja lija linagwedezedwa kumayambiriro kwa chaka linali ngongole.

Anatulutsa foni ali chiimire. Anajambula ndandanda wa magalimoto amene anasankha m'buku la wapageti, analemba mizere yochepa: thanki inali youma miyezi yakutiyakuti, masilinda a tizipewa tachikasu sanayesedwe, aitanidwe onse msanga, amayi anga ndi mmodzi wa ogulitsa ndipo ali nawo. Anatumiza kwa wapampando wa komiti ya bodi imene maodita amayankhako, kwa woona za chitetezo, ndi kwa Bambo Zilibwino omwewo. Foni ya abwanawo inalira m'thumba mwawo.

"Mwadziwotcha nokha," anatero.

"Bola ine," anayankha, natuluka.

Njinga yamoto inamutsitsa pakona ya msewu wawo dzuwa litapendeka. Msewu unali mmene umakhalira: zovala pazingwe, wailesi ya telala, galu atagona pakati pa njira. Kasitolo kanali kotsegula. Amayi ake anali pakauntala akukangana ndi bambo wina pa mtengo wa machesi, ndipo bamboyo, pofuna kuonetsa kuti machesiwo ndi onyowa, anali atatulutsa kamtengo kamodzi.

"Musayatse!"

Kafunsefunse analanda bokosilo m'manja mwa munthu wamkulu ngati wamisala. Fungo analimva ali pakhomo pomwe, lochepa, la kabichi wowola, likukwawa kuchokera kuseri.

"Iwe, wapenga? Kasitomala wanga ameneyu!"

"Mwana ali kuti?"

"Wagona. Usamudzutse, wavuta tsiku lonse, akuti mutu, mutu."

Analowa osakhudza swichi. M'chipindamo fungo linali lokhuthala moti linamukanda kukhosi. Mwana anali pamphasa chafufumimba, nkhope kukhoma kumene kunali masilinda. Anamunyamula. Thupi linali lofewa, lolemera, mutu ukugwera kumbuyo. Anathamanga naye panja, anamukhazika pamphepo, akumusisita kumsana, akumuitana. Mwanayo anatsegula maso mwaulesi, anatsokomola, anasanza pa bulauzi ya amake, kenako analira. Kulira kumeneko Kafunsefunse sanamvepo nyimbo yokoma ngati iko.

Bambo wa machesi uja, manyazi atamugwira, anathandiza kutsegula zitseko zonse ndi kutulutsa masilinda mmodzimmodzi, kuwanyamula osawakoka pansi. Anawaimika pabwalo. Tizipewa tachikasu tinawala padzuwa ngati maluwa a pamanda.

Amayi ake anaima manja m'chiuno. "Tandiuza bwinobwino. Si iwe unati iliyonse amaimiza?"

"Ndinaona tsiku limodzi, amayi. Tsiku limenelo anamizadi."

"Tsiku limodzi."

"Ndinkayesa ngati njirayo ndi yabwino. Zoti aitsatira chaka chonse ndimayenera kudzaona pano."

"Ndiye unandiuziranji ngati waona chaka chonse? Ine mkamwini ndimamuona tsiku la ukwati atavala suti, n'kunena kuti mwana wanga adzadya mpaka kukalamba? Bambo ako tsiku loyamba anabwera ndi nsapato zobwereka!" Anapuma mwamphamvu. "Sukulu yonse ija. Bweretsa beseni."

Anadula sopo wa m'sitolo mwawo momwe, chinthu chimene sanachitepo chibadwire, n'kumupikitsa m'madzi mpaka thovu. Anapaka pakamwa pa silinda yoyamba. Zii. Yachiwiri, zii. Anayamba kale kukweza mapewa kuti anene zoti katundu wawo sadontha. Pa ina ya pakati, thovu linatupa m'mphepete mwa kachipewa, linaphulika, linatupanso, mwakachetechete, ngati kanthu kamoyo kakupuma.

Mayi uja anayang'ana thovulo nthawi yaitali. Anayang'ana mdzukulu wawo, amene anali atakangamira khosi la amake. 

"Pita naye kuchipatala," anatero potsiriza. "Usaime pano ngati mtengo."

"Amayi, achikasu munagulitsapo angati?"

"Ambiri. Mtengo utangokwera ndinayamba kutulutsa."

"Kwa ndani?"

"Ndimalemba ngati iwe? Wandipatsa ndalama, watenga, wapita." Anatembenukira kumsewu. Anayamba kuloza ndi chibwano. Kwa telala. Kwa aphunzitsi. Kwa mayi wa mapasa uja. Nyumba ya geti lofiira, kapena yotsatira yake. Ena anali odutsa, a misewu ina, nkhope zosakumbukika. Onsewo anawauza mawu amodzimodzi, ndipo mawuwo anali ndi mwana wawo m'kati.

Foni ya Kafunsefunse inanjenjemera. Anali wapampando wa komiti: walandira, abwere mawa m'mawa ndi umboni wonse, galimoto zaimitsidwa, za kuitanitsa masilinda akambirana bodi ikakumana. Pansi pake panali uthenga wa Bambo Zilibwino, woti asiye makiyi a ofesi kwa mlonda kufikira nkhani ya amayi ake itafufuzidwa.

"Akuti chiyani?"

"Akuti akambirana mawa."

"Mawa." Mayi uja analavula pambali. "Anthu aphika lero."

Anamanga nsalu m'chiuno molimba, anasenza beseni la thovu, sopo wotsala anamuponya m'thumba. Kasitolo anakasiya chitsegukire, ndalama zili m'kabati, bambo wa machesi atamulamula kuti akhale pabwalo alondere masilinda ndipo asayerekeze kusuta.

Dzuwa linali litatsika kufika pa madenga. Ana ankabwera kuchokera kosewera, azimayi ankaanula zovala, ndipo m'nyumba zina munayamba kumveka kugundana kwa mapoto. Kafunsefunse, mwana ali kumsana, anakwera njinga yamoto ya kuchipatala. Pokhota pakona anacheuka. Amayi ake anali pa khomo loyamba, akumenya chitseko ndi chikhatho chonse.

"Odi! Musayatse kaye! Ndati musayatse! Tulutsani silinda yanu ndiione chipewa!"

Kutsogolo kwawo msewu unapitirira, makomo mbali zonse ziwiri, mpaka kumene maso sakanafika.